Tchati sichilonjeza kanthu: mawu a pa msonkhano woyamba ndi zomwe mamembala akunena

Mlembi: Moni nonse. Ambiri amene simunakwanitse kufika pa msonkhano woyamba mwakhala mukundifunsa zomwe a Msungichuma analankhula zokhudza matchati. Ndawapempha kuti alembe okha pano, kuti ndisapotoze mawu awo. Muwerenge kaye mpaka kumapeto musanayambe mafunso.

Msungichuma: Zikomo a Mlembi. Ndilemba monga ndinanenera.

Abale ndi alongo, tagwirizana kuti gawo lina la ndalama zomwe tizisonkha tizigulira masheya. Sipapita masiku, wina wa ife abwera ndi foni m'manja, ationetsa tchati cha mitengo, nati: "Taonani apa, mtengo ukwera basi, tiguliretu." Ndikufuna kuti tsikulo lisanafike tikhale titamvana chinthu chimodzi. Maonekedwe a pa tchati amatiuza zomwe zingachitike, satiuza zomwe zichitike. Mitambo ikada bii timaanula zovala, ndipo timachita bwino kutero, koma tonse tinaonapo mitambo yotero ikubalalika popanda dontho ndi limodzi lomwe. Woanula zovalayo sanalakwe. Wolakwa ndi amene analumbira kuti mvula igwa.

Nditenge maonekedwe amodzi okha, amene amafanana ndi chilembo cha W. Tiyerekeze kuti sheya ya kampani ina yatsika mpaka pa 80. Yakwera kufika pa 100, yatsikanso kufika pa 80, koma yakana kupyola pamenepo, ndipo yayambanso kukwera. Owerenga matchati amati pa 80 pali ogula amene akuutchinga mtengo, ndipo pa 100 pali ogulitsa amene akuubweza. Mtengo ukabooleza pa 100 n'kutseka tsiku uli pamwamba pake, amati ogulitsa aja atha mphamvu. Kenako amayeza kuya kwa W, komwe pano ndi 20, n'kukuwonjezera pa 100, n'kunena kuti mtengo ungafike pa 120.

Maganizo amenewa si opanda mutu. Pali anthu enieni amene anagula pa 100 kale, anavutika mtima mtengo utagwa, ndipo akungodikira kuti ubwerere pa 100 agulitse apume. Iwowa akatha, njira imatsegukadi. Koma tchati sichidziwa kuti mawa kampaniyo ilengeza kuti phindu lake latsika. Sichidziwa kuti wina wokhala ndi masheya ochuluka akufuna ndalama mwadzidzidzi ndipo awakhuthulira onse pa msika. Ndiye nthawi zina mtengo umafika pa 120, nthawi zina umafika pa 104 n'kubwerera pansi ngati sunabooleze n'komwe.

N'chifukwa chake funso lathu lisakhale lakuti "kodi ikwera?" Palibe angaliyankhe. Tizifunsa kuti: ikakwera tipeza zingati, ikatikana titaya zingati, ndipo tiyenera kulondola kangati pa maulendo 10 kuti tisaluze?

Tiwerengere limodzi. Tagula pa 102. Tagwirizana tisanagule kuti mtengo ukagwa kufika pa 92 tigulitsa, osakangananso. Tikalondola tipeza 18 pa sheya iliyonse, tikaphonya titaya 10. Koma kugula ndi kugulitsa si kwaulere, otigulira masheya amadula yawo. Tinene kuti zonse pamodzi ndi 2 pa sheya. Ndiye phindu lenileni ndi 16, kuluza kwenikweni ndi 12. Pa maulendo 10, tikalondola kasanu n'kuphonya kasanu, tapeza 80, tataya 60, tatsala ndi 20. Tikalondola kanayi kokha, tapeza 64, tataya 72, taluza 8. Onani mmene malire ake achepera. Kusiyana kwa ulendo umodzi wokha pa maulendo 10 kwatichotsa pa phindu n'kutiika pa kuluza, W wake ali yemweyo.

Chomaliza ndi kuchuluka kwa zomwe tiikepo. Ngati thumba la masheya lili ndi 1,000,000, ndikupempha kuti tisalole kutaya zoposa 1 peresenti pa ulendo umodzi, ndiye kuti 10,000. Gawani 10,000 ndi 12, mupeza masheya pafupifupi 830. Amenewo ndiwo tigule, ngakhale tchaticho chikongole bwanji. Ndinathera pamenepo.

Wapampando: Zamveka bwino a Msungichuma. Mafunso alowe, koma mmodzimmodzi.

Mnyamata wa matchati: Ine ndiyambe. Ulemu wanu a Msungichuma, koma mukuwaderera matchati. Ine ndimawawerenga tsiku ndi tsiku. W akatuluka bwinobwino, ndipo pa tsiku lobooleza masheya ogulitsidwa akakhala ochuluka kuposa masiku onse, zimayenda. Ndikhoza kukutumizirani zithunzi zoposa khumi pompano.

Msungichuma: Pa nkhani ya kuchuluka kwa masheya ogulitsidwa mukunena zoona achimwene. Mtengo ukabooleza anthu ambiri akugula, zimapatsa chikhulupiriro kusiyana ndi kubooleza kwa anthu awiri atatu. Koma zithunzi zanuzo munazisankha liti? Mtengo utakwera kale kapena usanakwere?

Mnyamata wa matchati: Utakwera kale. Nanga munthu angasunge chithunzi cha chinthu chomwe sichinatheke?

Msungichuma: Vuto lagona pamenepo. W amene anakanika satchedwanso W tikamayang'ana m'mbuyo. Timangoti mtengo unkangotsika, unapuma pang'ono, n'kupitiriza kutsika. Ndiye m'mutu mwathu mumatsala okhawo amene anayenda bwino, n'kumaoneka ngati salephera. Yesani izi: tengani tchati chakale, phimbani mbali ya kumanja ndi pepala, muzisuntha pepalalo tsiku limodzilimodzi. Mukaona W, lembani kuti "pano ndikanagula" musanaone zakutsogolo. Mukapeza okwana 30 kapena kuposa, muwerenge olondola ndi ophonya. Nambala imeneyo ndiyo ndingaikhulupirire.

Mayi wosoka zovala: Pepani ndifunse, mwina ndasochera. Tchati chikunenedwachi ndi chija a Mlembi amalembapo zosonkha zathu mwezi ndi mwezi? Chifukwa ngati zosonkha zathu nazo zangokhala "mwina mwina", ine ndiye ndachita mantha.

Mlembi: Ayi amayi, chimenecho ndi kaundula wa zosonkha, alibe mwina. Mukasonkha 5,000 timalemba 5,000. Chomwe akunena apa ndi chithunzi chosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mtengo wa sheya pa msika.

Mayi wosoka zovala: Chabwino, ndamva. Koma ndalama zogulira masheyazo ndi zathu zomwezo eti? Ndiye mantha anga sanathe onse.

Wapampando: Asathe onse amayi, ndi mantha oyenera. N'chifukwa chake tinalekanitsa thumba losunga ndi thumba la masheya. Za 1 peresenti akunenazi n'za thumba la masheya lokha.

Mphunzitsi wopuma: Ine maganizo anga ndi osiyana ndi a mnyamatayu, ndiponso ndikuona ngati a Msungichuma mwanyengerera. Bwanji osangonena poyera kuti zonsezi ndi juga? Mu 1959 katswiri wina wa ku yunivesite ya Chicago, Harry Roberts, anapanga matchati kuchokera ku manambala ongotola mwachisawawa, ndipo anatuluka ofanana ndi matchati a msika weniweni, maonekedwe ake n'kumaonekanso momwemo. Aliyense akhoza kuyesa kunyumba. Ponyani ndalama yachitsulo ka 200, ikagwa mbali iyi onjezani 1, ikagwa mbali inayo chotsani 1, jambulani mzere. Mupezamo ma W, mupezamo mapiri ndi zigwa. Kodi ndalama yachitsuloyo ili ndi ogula ndi ogulitsa?

Msungichuma: Aphunzitsi, za Roberts n'zoona, ndipo masewera a ndalama yachitsulowo ndikufuna tidzachite tonse pa msonkhano, chifukwa amatsegula maso. Koma zomwe akusonyeza n'zakuti maso a munthu amaona chithunzi ngakhale pamene palibe kanthu. Sakusonyeza kuti W aliyense wa pa msika ndi wopanda kanthu. Mu 2000 Andrew Lo ndi anzake awiri anagwiritsa ntchito kompyuta kufufuza maonekedwe oterewa pa masheya a ku America a zaka zoposa 30, kuti diso la munthu lisakondere. Anapeza kuti ena mwa maonekedwewa amanenako kanthu ndithu pa zomwe mtengo umachita pambuyo pake. Kunenako kanthu n'kosiyana ndi kupereka phindu mukachotsa zolipira, ndipo pa mfundo imeneyi akatswiri amatsutsanabe mpaka lero. Ine ndaima pakati: mwina tchati chimapendeketsako mwayi pang'ono, koma pang'ono pakepo n'posavuta kudyedwa ndi zolipira.

Mphunzitsi wopuma: Ngati n'pang'ono choncho, tivutikiranji? Tigule masheya a makampani olimba, opereka gawo la phindu chaka ndi chaka, tikhale nawo zaka. Matchati tiwasiyire ofuna kuthamanga magazi.

Wapampando: Mfundo imeneyo ili ndi otsatira ambiri aphunzitsi, ine ndemwe ndikupendekera komweko. Tiisunge kaye.

Bambo woyendetsa galimoto: Ndilowepo ndi zomwe zinandionekera ine. Ndinali pa gulu lina la pa foni lomwe limatumiza "gulani apa, gulitsani apa". Mkulu wake anatumiza W wokongola kwambiri, nalemba kuti iyi ndi yotsimikizika. Ndinaika pafupifupi theka la zomwe ndinali nazo. Mtengo unabooleza, unakwera masiku awiri, tsiku lachitatu unabwerera pansi pa mzere uja. Titamufunsa anati tidekhe, ukungopuma. Unapitirira kutsika mpaka kupyola pansi pa W penipeni. Ndinagulitsa nditataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe ndinaika. Mkulu uja anafufuta uthenga wake, mawa lake n'kutumiza tchati china. Funso langa ndi lakuti, pali njira yodziwira kuti kubooleza uku n'kwabodza zisanafike poipa?

Msungichuma: Pepani kwambiri bambo. Yodziwiratu motsimikiza palibe, koma zizindikiro zilipo, ndipo m'nkhani yanu chimodzi chinaonekera poyera. Mtengo ukabooleza pa 100 kenako n'kutseka tsiku uli pansi pa 100 kachiwiri, chifukwa chomwe munagulira chayamba kugwedezeka. Munagula poganiza kuti ogulitsa a pa 100 atha, ndipo msika ukukuuzani kuti sanathe. China ndi chomwe achimwene anena chija: ngati pa tsiku lobooleza masheya ogulitsidwa anali ochepa, koma pa tsiku lobwerera pansi achuluka, mphamvu ili kwa ogulitsa. Komanso kubooleza kwa pakati pa tsiku sikuwerengedwa, timadikira mtengo wotsekera.

Koma chomwe chinakupwetekani kwenikweni si W wabodzayo, chifukwa abodza amabwera kwa aliyense. Ndi zinthu ziwiri: theka la chuma pa ulendo umodzi, ndi kusowa malire otulukira olembedwa musanagule. Mawu akuti "ukungopuma" amamveka okoma munthu ukakhala kale m'kati, n'chifukwa chake malirewo amaikidwa mtima usanatenthe.

Mnyamata wa matchati: Apa ndiye ndikutsutsani pa malirewo. Mwaika pa 92. Nthawi zambiri mtengo ukabooleza umabwerera kudzagunda mzere uja, mwinanso kulowa pansi pang'ono, kenako n'kunyamuka zenizeni. Ndi 92 yanuyo mutuluka, mawa lake muuona ukuthamangira ku 120 inu muli panja. Malire oyenera ndi pansi pa W, pa 78. W amafa pokhapokha mtengo ukapyola pansi pake.

Msungichuma: Mukunena zoona kuti pa 78 sitidzatulutsidwa kawirikawiri. Koma werengerani mtengo wake. Kugula pa 102, kutuluka pa 78, ndi kutaya 24, kuphatikiza zolipira 26. Phindu likadali 16. Kuti tisaluze tiyenera kulondola ka 62 pa maulendo 100, pomwe ndi malire a pa 92 tikufunika ka 43 kokha. Ndiponso 10,000 kugawa ndi 26 ndi masheya pafupifupi 380, osati 830. Palibe yaulere apa. Malire apafupi amatitulutsa pafupipafupi koma motchipa, akutali amatitulutsa mwa apo ndi apo koma mopweteka.

Mnyamata wa matchati: Ine ndikukhulupirira kuti ndi malire a pa 78 ndingapose 62.

Msungichuma: Mwina mungapose. Sindikukana, ndikungoti tiyeni tione pa pepala lophimba lija.

Mayi wosoka zovala: Ndiye tikaika malirewo ndiye kuti sitingataye zoposa 10,000? Ngati zili choncho mtima wanga ukhala pansi.

Msungichuma: Ndikanakonda kuyankha kuti inde amayi, koma nalonso si lonjezo. Pa makina a otigulira masheya malirewa amalembedwa kuti `stop-loss`, ndipo ntchito yake ndi kulamula kuti masheya agulitsidwe mtengo ukafika pamenepo. Salamula kuti papezeke wogula pa mtengo umenewo. Tinene kuti msika watseka sheya ili pa 96, usiku kwatuluka nkhani yoipa, m'mawa wogula woyamba akupereka 85. Pa 92 mtengo sunaimepo n'komwe, wangodumpha. Tigulitsa pa 85, ndipo m'malo mwa 12 tataya 19 pa sheya. Pa masheya 830 ndi pafupifupi 15,800. Zoterezi zimachitika ngakhale pa misika ikuluikulu. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kutchinga ndalama yake pa 1.20 poyerekeza ndi yuro, mtengo unadumpha m'mphindi zochepa, ndipo ambiri amene anaika malire anagulitsiridwa kutali kwambiri ndi pomwe anaika. Pa sheya yomwe imagulidwa mwa apo ndi apo vutoli limakula, chifukwa mukhoza kufuna kugulitsa wogula osapezeka tsiku lonse. Pa sheya yotero ngakhale W weniweniyo sindimukhulupirira, popeza anthu ochepa okha ndi amene amujambula.

Mayi wosoka zovala: Ndiye bola 1 peresenti yomweyo, isakwere.

Mlembi: Ine nkhawa yanga ndi ya ife anthu, osati ya msika. Tikaluza kawiri katatu motsatizana, gulu lino lidzaphulika. Anthu adzayamba kuloza chala amene anabweretsa tchaticho.

Msungichuma: Ndipo zidzachitika a Mlembi, tikonzekeretu. Tiyerekeze kuti tili ndi njira yabwino kwambiri, yolondola ka 6 pa maulendo 10 alionse. Mwayi woti maulendo atatu otsatira onse tiphonye ndi 0.4 × 0.4 × 0.4, pafupifupi 6 pa 100. Zikuoneka zochepa. Koma tikachita maulendo 20, mwayi woti penapake m'katimo tiphonye katatu motsatizana umaposa theka. Ndiye kuphonya katatu sikutanthauza kuti njira yaonongeka kapena kuti wina watipusitsa, monganso kulondola katatu sikutanthauza kuti tapeza katswiri. Ndi lamulo la 1 peresenti, kuphonya katatu kutichotsera pafupifupi 30,000 pa 1,000,000, ndipo tikhoza kupitiriza. Tikanati tiziika pangozi 20 peresenti ulendo uliwonse, kuphonya katatu komweko kukanatisiya ndi pafupifupi theka, ndipo kuchoka pa theka kubwerera pomwe tinali pamafunika phindu la 100 peresenti.

Mphunzitsi wopuma: Apa ndiye tikugwirizana. Koma ndionjezere kuti kulondola katatu ndimakuopa kuposa kuphonya katatu. Pamenepo ndi pomwe wina adzaimirire n'kunena kuti 1 peresenti ikutichedwetsa, tikweze.

Bambo woyendetsa galimoto: Ndi mmene zinayambira kwa ine. Maulendo oyamba anayenda bwino, n'chifukwa chake ndinalimba mtima n'kuika theka.

Mlembi: Ndiye ndipemphe kuti tikhale ndi buku lapadera. Aliyense wobweretsa tchati azilemba tisanavote: mtengo wogulira, malire otulukira, pomwe akuyembekezera kufika, zolipira, ndi chiwerengero cha masheya. Zotsatira tizilemba zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, popanda kufufuta. Tikamadzaunika tizifunsa ngati ndondomeko inatsatidwa, osati kuti analakwa ndani.

Mnyamata wa matchati: Bukulo ndalivomera. Koma wogulitsa mtengo ukafika pa malire ndani? Tikamadikira kuti anthu onse avote, mtengo udzakhala utapita kale.

Wapampando: Funso labwino, ndipo malamulo athu sananenepo kanthu. Ine ndikuona kuti voti yogula izikhala yonyamuliratu chilolezo chogulitsa pa malire, kuti osayinira awiri azingochita popanda kuitanitsanso msonkhano.

Mphunzitsi wopuma: Zimenezo zikupereka mphamvu zambiri kwa anthu awiri, a Wapampando. Ndipo mfundo yanga ija simunaiyankhe. Ine ndikufunabe tivotere ngati matchati tikuwafuna n'komwe.

Msungichuma: Ndingapemphe njira yapakati? Kwa miyezi itatu tisaike ndalama ndi imodzi yomwe pa tchati. Achimwene azibweretsa ma W awo, tiziwalemba m'buku ngati tagula, ena ndi malire apafupi, ena ndi akutali, zolipira tizichotsa. Miyezi itatu pa masheya ochepa siidzatipatsa maulendo okwanira kuti titsimikize kanthu, ndiye tiphatikize ndi matchati akale ophimba ndi pepala aja. Zikatero aphunzitsi ndi achimwene adzakhala ndi manambala okanganirana.

Mnyamata wa matchati: Miyezi itatu ndi yambiri, mipata idzatidutsa tikuyang'ana. Iwiri.

Mphunzitsi wopuma: Ine ndimati isanu ndi umodzi.

Wapampando: Sitimaliza pano. A Mlembi, lembani mfundo zitatu za msonkhano ukubwerawu: kutalika kwa nthawi yoyesera, amene azigulitsa pa malire, ndi voti yomwe aphunzitsi apempha. Aliyense abwere ndi ndalama yachitsulo, pepala ndi cholembera.

Mayi wosoka zovala: Muonjezere yachinayi a Mlembi. Lamulo la 1 peresenti lilowe m'malamulo olembedwa, ndipo kulisintha kuzifuna mavoti a magawo awiri mwa atatu a mamembala onse, osati a okhawo amene abwera tsikulo.

Mlembi: Ndalemba amayi.